Makalata a Omvera: Miyezi Itatu Yatha, Kalaliki Akhale Kapena Apite?

"Zikomo aulutsi. Ine ndimayang'anira ntchito yogula masamba a tiyi kwa alimi ang'onoang'ono kuno ku Thyolo. Tinalemba mnyamata wina ukalaliki wa pasikelo, pulobeshoni ya miyezi itatu, ndipo ikutha Lachisanu la sabata ya mawa. Mwezi woyamba buku lake linasemphana ndi la kufakitale masiku 9, wachiwiri masiku 5, mwezi uno masiku 2. Lolemba amakonda kuchedwa. Sindinakhalepo naye pansi. Mtima ukuti ndingomuuza kuti basi. Ndichite bwanji?"

Bambo, zikomo polemba, koma mundilole ndikukalipireniko pang'ono, popeza wailesi ilibe mbama. Mawu amene andiimitsa m'kalata yanu ndi aja akuti simunakhalepo naye pansi. Miyezi itatu mwakhala mukuwerenga zolakwa za mwana wa eni ake mumtima mwanu, mwiniwake osadziwa kuti pali amene akuwerenga. Ndiye Lachisanu mukamudzidzimutse ngati mvula ya chiperoni?

Tiyambe ndi lamulo kuti tidziwe pamene mwaima. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, gawo 26, limalola bwana ndi wantchito waluso kugwirizana za nthawi yoyesedwa, koma isapitirire miyezi 12. Limanenanso kuti m'nthawi imeneyi aliyense wa awiriwa angathetse kontirakiti popanda notisi. Mabwana ambiri amathera pomwepo kuwerenga. Koma kusapereka notisi n'kosiyana ndi kusapereka chifukwa. Gawo 57 la lamulo lomweli likuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena kayendedwe ka ntchito, ndipo pa nkhani ya luso ndi khalidwe apatsidwe mpata wodziyankhira. Bwana wochenjera amatsata zimenezi ngakhale kwa munthu wa pulobeshoni, chifukwa funso loyamba limene mudzakumane nalo ku ofesi ya leba ndi lakuti: munamuuza, ndipo munamumva?

Tsopano tione manambala anuwo. M'mwezi wa masiku 26 ogwira ntchito, mnyamatayu wachoka pa 9 kufika pa 5, lero ali pa 2. Amene sangathe ntchito sayenda choncho. Zolakwa zake zimakhala zomwezomwezo mwezi ndi mwezi, kapena zimachuluka ntchito ikakula. Uyu akuphunzira, ndipo zikuoneka kuti akudziphunzitsa yekha.

Musanagamule, tengani mabuku onse awiri muone masiku 16 amenewo limodzilimodzi. Choyamba muone kukula kwa kusemphanako. Tsamba la tiyi limapepuka likakhala padzuwa kudikira thirakita, ndipo tsiku la mvula limabwera lolemera ndi madzi. Choncho buku la kumunda ndi la kufakitale sizingafanane ndendende. Tinene kuti tsiku limenelo munagula makilogalamu 2,000. Kusiyana kwa makilogalamu 20 ndi nkhani ina, kusiyana kwa 200 ndi nkhani inanso. Malire ovomerezeka ndi ati pa kampani yanu, ndipo anamuuza ndani? Ngati nanunso simungawatchule, mnyamatayo mwamuyesa ndi muyeso umene kulibe.

Kenako muone mbali imene zolakwazo zikupendekera. Kulakwitsa kwa munthu wosazolowera kumagwa uku ndi uku: lero waonjeza, mawa wachepetsa, waiwala kuchotsa kulemera kwa thumba, walemba 71 m'malo mwa 17. Koma mukapeza kuti nthawi zonse makilo oonjezera akugwera mayina a alimi awiri kapena atatu omwewomwewo, imeneyo si nkhani ya pulobeshoni ayi. Ndi nkhani ya chinyengo, ndipo ili ndi njira yake: kumulembera mlanduwo, kumupatsa nthawi yokonzekera, kumumva. Musabise mlandu wa kuba m'mawu akuti "sunakhoze pulobeshoni". Mudzasowa choyankha akadzakufunsani kuti sanakhoze pati.

Ndiye sikeloyo, bambo. Inayesedwa liti? A bungwe loona za miyezo la MBS ndi amene amatsimikiza masikelo a malonda. Makalaliki ambiri adzudzulidwa chifukwa cha sikelo imene inayamba kunama iwo asanabadwe.

Za Lolemba musaganize m'malo mwake, mufunseni. Kuchedwa kwa munthu amene Lamlungu amagona kumudzi, monga ku Thekerani, n'kudzadikira minibasi m'mawa, kumakonzeka ndi mawu amodzi: bwera Lamlungu madzulo. Kuchedwa kwa munthu amene akubwera akununkha za dzulo kumafuna chenjezo lolemba. Werenganinso buku losainira, muone kuti ndi Malolemba angati ndipo ndi mphindi zingati. "Amakonda kuchedwa" si umboni.

Mukatha kufufuzako, bwana amadzifunsa funso limodzi lokha: munthuyu sangathe, sakufuna, kapena sitinamuphunzitse? Kukhazikitsa, kuonjezera kapena kuthetsa kumachokera pa yankho limenelo. Mumamukhazikitsa ngati ntchito yeniyeni imene munamulembera akuigwira pamlingo umene munagwirizana, ngakhale pali tina tofunika kukonza. Simudikira kuti akhale mngelo. Mumathetsa ngati munamuonetsa ntchito, munamuuza poyera pamene akuperewera, munamupatsa nthawi, koma palibe kusintha, kapena waonetsa kuti alibe nazo ntchito. Kuonjezera ndi kwa munthu amene akusintha koma sanafike, amene anadwala n'kujomba masabata ambiri moti simunamuone bwino, kapena amene inuyo simunamuthandize. Kuonjezera si mankhwala a bwana wamantha amene akuopa kunena zoona. Ngati mukudziwa kale mumtima kuti simudzamusunga, kumuonjezera miyezi itatu n'kumubera nthawi yofunira ntchito kwina.

Kwa inu, ngati mabuku sakuonetsa chinyengo, ine ndikuona njira ziwiri, ndipo kuthetsa palibepo. Ngati masiku 2 pamwezi ndi mmene amalakwitsiranso makalaliki anu akale, mukhazikitseni, za Lolemba mukambirane padera. Ngati akalewo salakwitsa choncho, onjezerani mwezi umodzi kapena iwiri.

Kaonjezeredwe kake ndi aka. Onani kaye kalata imene munamulembera ntchito ngati ikulola kuonjezera. Ngati sikunenapo, mufunika kuti iye avomere ndi kusaina. Muitaneni mawa kapena mkuja, osati Lachisanu pa 4 koloko, ndipo mumuuziretu kuti mukakambirana za pulobeshoni yake, kuti asabwere mtima uli m'mwamba. Pakhale munthu wachitatu wolemba zokambirana. Muyambe kumufunsa iye mmene akuionera ntchito, chifukwa pamenepo m'pamene zimatuluka zakuti palibe anamuonetsa kachotsedwe ka makilo a madzi. Kenako mumuonetse masiku aja m'buku, tsiku ndi tsiku. Kalata yoonjezera itchule tsiku lenileni lothera, osati "mpaka tidzaone". Itchule zimene akonze m'manambala: kusemphana kopitirira malire kusapose tsiku limodzi pamwezi, kufika pa 6 koloko tsiku lililonse. Itchulenso zimene inuyo muchite, monga kumuika ndi kalaliki wamkulu kwa sabata imodzi ndi kukumana naye Lachisanu lililonse kwa mphindi 15. Pomaliza inene mosabisa kuti akapanda kufika pamenepo ntchito ikhoza kutha. Asaine, atenge kope lake, ndipo zonsezi zichitike Lachisanu lisanadutse.

Ndachedwa pa kalata imeneyi dala, chifukwa m'thumba la sabata ino muli makalata ena asanu a fungo lomweli. Mabwana athu, kuyambira amagolosale a pa Luchenza mpaka amasukulu a pulaiveti, pulobeshoni mumaikumbukira tsiku lothera. Chonsecho ntchito yake ili m'sabata yoyamba: kulemba papepala zinthu zitatu kapena zinayi zimene munthu adzayesedwe nazo, n'kumakumana naye pakutha pa mwezi uliwonse, theka la ola, kulemba mizere isanu, nonse kusaina. Pepala limenelo lilipo, tsiku lomaliza palibe amene amadabwa. Popanda pepalalo, chigamulo chimatengera amene amapereka moni mogwada kwambiri. Ife timakonda kusekererana masana n'kumadandaula usiku kwa akazi athu. Akazi anuwo sangakonze buku la sikelo, bambo.

"Ndine mayi wa ku Chitakale. Ndagwira ntchito m'sitolo miyezi 14, abwana akuti ndikadali pa pulobeshoni."

Mayi, malire ndi miyezi 12, ngakhale ataonjezera kangati. Alembereni kalata yaulemu yopempha kalata yokukhazikitsani, kope lina musunge. Akazemba, ofesi ya leba pa boma la Mulanje si patali ndi Chitakale.

"Pulobeshoni yanga inatha mwezi watha koma palibe wanenapo kanthu. Ndifunse kapena ndikhale phee? Mnyamata wa ku Bvumbwe."

Funsani, achimwene, ndipo mufunse polemba. Fisi sadya munthu chifukwa chofunsa kalata. Nanunso mabwana amene mumangokhala chete, dziwani kuti munthu akapitiriza kugwira ntchito ndi kulandira malipiro tsikulo litadutsa, adzanena kuti munamukhazikitsa, ndipo kumutsutsa kudzakuvutani.

"Ndili pa pulobeshoni ndipo ndili woyembekezera. Kapitawo akuti sandikhazikitsa chifukwa ndidzajomba. Mlongo wanu wa ku Limbuli."

Achemwali, kapitawoyo akusewera ndi moto. Gawo 49 la lamulo lija limati kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti ali ndi pakati ndi mlandu, ndipo gawo 57 limaletsa kumuchotsa chifukwa cha mtundu, chipembedzo ndi kukhala m'bungwe la antchito. Lembani tsiku limene ananena mawuwo ndi mayina a amene analipo. Akakuchotsani musakhalitse, dandaulo limayenera kufika kwa mkulu wa leba pasanathe miyezi itatu, ndipo likakanika kumeneko limapita kukhoti la za ntchito ku Blantyre.

"Andichotsa mwezi wachiwiri wa pulobeshoni. Ndilandira chiyani? Bambo wa ku Goliati."

Pepani bambo. Malipiro a masiku onse amene munagwira ndi anu, ovataimu ngati ilipo, ndi masiku a tchuthi amene munali mutasonkhanitsa, ndipo lamulo likuti ziperekedwe pasanathe masiku 7. Ndalama ya notisi komanso ija ya chipukutamisozi cha zaka zimene munthu wagwira, wa pulobeshoni salandira, pokhapokha kontirakiti yanu itanena zina. Pemphaninso setifiketi yosonyeza kuti munagwirapo ntchito, idzakuthandizani kwina.

Yomaliza yachokera ku Muloza, yalembedwa ndi pensulo kuseri kwa risiti: "Mwana wa mlongo wanga ndinamulemba ntchito m'shopu mwanga, pulobeshoni walephera. Ndimuuze bwanji amake?"

Aaa, amalume, imeneyo lamulo la 2000 silinalembepo. Mnyamatayo muitaneni mumuuze ngati wantchito, ndi zifukwa zake papepala, monga tanenera muja. Kwa alongo anuwo mupite nokha Loweruka, mutanyamula shuga ndi nanazi, ndipo mufike mnyamatayo asanafike ndi nkhani yake.