Makalata a Omvera: "Anandiuza ndikadikire kunyumba"

"Zikomo aulutsi. Ndimakhala ku Bangwe ndipo ndine kalaliki wa katundu pakampani ina ku Makata. Atawerenga katundu kumapeto kwa mwezi, kunapezeka kuti matumba 40 a simenti akusowa. M'mawa mwake abwana anandiuza pakamwa kuti ndikadikire kunyumba, akufufuza. Pageti anamata pepala la dzina langa loti ndisalowe. Pano yakwana miyezi iwiri, malipiro sindinalandire, ndipo foni sakuyankha. Kodi ndachotsedwa ntchito kapena ayi? Ndine bambo wa ana atatu."

Bambo a ku Bangwe, pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiyika pamwamba chifukwa sabata ino makalata ambiri akulira maliro omwewa. Simunachotsedwe ntchito. Munthu woimitsidwa poyembekezera kafukufuku amakhala adakali wantchito, ndipo mgwirizano wake ndi kampani umakhala ulipobe. Komatu momwe akuchitirani abwana anuwo, akukulangani mlandu usanazengedwe.

Ndiyambe ndi mbali imene mwina simuikonda. Kukuimitsani pakokha sikunali kulakwa. Inu ndinu mumasunga makiyi a nyumba ya katundu. Ndinu mumalemba m'buku katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo mapepala amene madalaivala amasainira ali m'manja mwanu. Wofufuza akafuna kufananiza buku ndi katundu amene ali pansi, sangagwire bwino ntchito pamene mwini buku ali pomwepo ndi cholembera. Sindikunena kuti mukanafufuta kanthu, ayi. Koma tiyerekeze kuti munakhalabe pantchito, kenako pepala limodzi n'kusowa. Akanaloza ndani? Kuchoka kwanu kwa masiku ochepa kumakutetezani inu nomwe.

Zifukwa zomveka zoimitsira munthu pofufuza n'zochepa. Mwina akhoza kusokoneza umboni, mwina akhoza kuopseza kapena kunyengerera mboni, kapenanso kukhalapo kwake kukuika anzake kapena katundu pangozi. Ndipo bwana wanzeru amayamba wadzifunsa ngati palibe njira yopepuka. Kwa inu, akanatha kutenga makiyi ndi buku n'kupereka kwa wina, inu n'kukusamutsirani ku ofesi ina kwa sabata imodzi. Pakampani yaying'ono pomwe aliyense amapondana ndi mnzake, mwina zimenezi sizitheka, ndiye kukutumizani kunyumba kumamveka.

Tsono pali funso limene ndikufuna mulisunge. Simenti siituluka yokha pageti. Pali dalaivala amene ananyamula, pali mlonda amene amawerenga matumba galimoto isanatuluke, pali kapitawo amene amasaina chilolezo. Kodi enawo ali kuti? Ngati onse akugwira ntchito ndipo mapepala awo ali nawo m'madirowa, pamene inu nokha muli kunyumba, ndiye kuti abwana anasankha kale wakuba asanayambe kufufuza.

Tifike pa ndalama, pakuti m'pamene pagona nkhani. Lamulo la zantchito la dziko lino, la chaka cha 2000, pa gawo 56, limatchula zilango zimene bwana angapereke popanda kuchotsa munthu ntchito: chenjezo lolembedwa, kuimitsa, ndi kutsitsa paudindo. Mwamva? Kuimitsa kuli m'gulu la zilango. Ndiye pali kuimitsa kuwiri. Kwina kumabwera munthu atamvedwa n'kupezeka wolakwa, ndipo ndi chilango. Kwina kumabwera mlandu usanamvedwe, pongofuna kuti ofufuza agwire ntchito momasuka. Kwachiwiriku munthu sanapezeke ndi mlandu uliwonse, choncho palibe chomudulira malipiro. Gawo lomwelo limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa kapena kumulanga ndi ndalama. Limalola kusalipira masiku amene munthu wajomba popanda chilolezo, koma inu simunajombe. Anakuuzani okha kuti mukhale kunyumba.

Mukatenge kalata yanu yolembedwera ntchito ndi buku la malamulo a kampani, ngati lilipo, muone zimene akunena pa nkhani yoimitsa munthu. Makampani ena analembamo za theka la malipiro, ndipo akamadzadziteteza amayambira pamenepo. Ngati mulibe mawu otero, abwana anu alibe pogwira.

Miyezi iwiri! Bambo, ndiwerengereni ntchito imene ikufunika pa matumba 40. Awerengenso katundu yense pamaso pa mboni, tsiku limodzi kapena awiri. Afananize buku lanu ndi mapepala a katundu wotuluka komanso buku la mlonda la pageti. Aimbire makasitomala amene analandira simenti mwezi umenewo kuti atsimikize kuchuluka kwa matumba. Afunse dalaivala, mlonda, kapitawo ndi inuyo, aliyense payekha. Mwa maganizo anga, masabata awiri ndi okwanira, ndipo zikavuta, atatu kapena anayi, koma akukulemberani kalata yofotokoza chachedwetsa. Kawirikawiri pa nkhani zotere pamapezeka kuti galimoto ina inatuluka madzulo pepala lisanalembedwe m'buku, kapena matumba ong'ambika anawaika padera osawachotsera. Koma kuti zimenezi zidziwike, ayenera kukufunsani. Kafukufuku amene watha miyezi iwiri osafunsa mwini buku, ine ndikukayika ngati anayamba n'komwe.

Za pepala la pageti zandiwawa kuposa zonse. Blantyre ndi mudzi. Mlonda wawerenga, madalaivala awerenga, amayi ogulitsa mandasi panja pageti amva, ndipo madzulo nkhani yakwera minibasi mpaka ku Bangwe. Ngakhale mawa atapeza kuti matumbawo ali mulu kuseri kwa nyumba ya katundu, dzina lanu adzalichapa ndi sopo wanji? Kunali kokwanira kumuuza mkulu wa alonda mwakachetechete, ndipo kwa anzanu kungonena kuti bambo uje sakhalapo kwa masiku angapo, ntchito yawo agwira auje.

Chochita ndi ichi. Lembani kalata kwa abwana, yaulemu, yopanda mwano. Mutchule tsiku limene anakuuzani kuti mukhale kunyumba ndi amene anakuuzani. Mupemphe kuti akulembereni chifukwa chake, tsiku limene kafukufuku adzathe, ndi malipiro anu a miyezi iwiri. Munene momveka kuti ndinu wokonzeka kubwera kudzafunsidwa kapena kudzagwira ntchito tsiku lililonse. Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa poti anakuimitsani pakamwa, tsiku lina akhoza kutembenuka n'kunena kuti munathawa ntchito. Kalatayo ikhale pawiri, ndipo wolandira asaine pa yanu. Akakana kulandira pageti, itumizeni m'njira yosiya umboni, ngakhale kuijambula n'kuitumiza pafoni ya abwana.

Akapanda kuyankha, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma, kuleba kuja. Kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri. Zikakanika, nkhani imapita kukhothi loona milandu ya zantchito, lomwe lili konkuno ku Blantyre. Ndipo musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa cha mkwiyo. Gawo 60 la lamulo la zantchito lija limalola wantchito kuchoka ngati khalidwe la bwana lafika posapiririka, koma mukatero, udindo wosonyeza umboni umagwera inu. Funsani kaye kuleba. Ngati atadzakuchotsani, gawo 57 limati pakhale chifukwa chomveka ndipo akupatseni mpata wodziteteza. Dandaulo loti mwachotsedwa mopanda chilungamo limafunika kufika kwa mkulu wa zantchito wa m'boma pasanathe miyezi itatu.

Nanunso ndikudzudzuleni pang'ono. Musapite usiku kunyumba kwa mlonda uja kukamufunsa zimene wanena. Ngakhale mutapita ndi mtima wabwino ndi botolo la thobwa, mawa adzalemba kuti mumanyengerera mboni.

Tione makalata ena.

"Ndili ndi golosale ku Ndirande. Mtsikana wapakauntala ndalama zikumaperewera. Ndimuimitse?" Mayi, ndi kangati zaperewera, ndipo ndani wina amatsegula kabokosi ka ndalamako? Ngati mwana wanu amatapamo ya bando, yambani ndi iyeyo. Mtsikanayo muikeni kosanja katundu m'mashelefu kwa sabata, inu mukhale pakauntala, muone ngati ndalama zikwane.

"Ndinaimitsidwa ndi malipiro onse. Kodi ndingapite kumudzi ku Thyolo kukakolola?" Achimwene, popeza akukulipirani, masiku antchito ndi awo. Pemphani chilolezo kaye ndipo foni ikhale yotsegula. Akakuitanani inu muli m'munda, mudzadzipalira mlandu wachiwiri.

"Ndine mkulu woona za antchito pakampani ina ku Limbe. Mayi wina wadandaula kuti kapitawo wake amamugwiragwira. Ndisamutse ndani?" Bwana, apa ndiye pamene kuimitsa kumamveka bwino, chifukwa mboni zonse zili pansi pa kapitawoyo ndipo sizingalankhule iye akuziyang'ana. Muimitseni iye, ndi malipiro ake onse, ndipo mumuuze kuti simunamuweruze. Musasamutse mayiyo asanapemphe yekha, chifukwa anzake adzaona kuti wodandaula ndiye amavutika, ndipo palibenso adzatsegule pakamwa.

Poti makalata ngati awa akuchuluka, ndilankhule ndi mabwana nonse amene mukumvera, kuyambira ku Chirimba mpaka ku Chichiri. Ena mwa inu mwapeza chizolowezi choipa. Mukatopa ndi munthu, mumaopa kumuchotsa chifukwa mudzalipira, ndiye mumati "kadikire kunyumba", podziwa kuti lendi ikamuthina adzasiya yekha. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 31, amapatsa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, ndipo mchitidwe umenewu sungaime pamaso pa gawo limeneli. Kalata yoimitsa munthu moyenera siitenga ola kulemba. Inene nkhani imene ikufufuzidwa, popanda mawu oti "wakuba" kapena "wachinyengo". Inene kuti ichi si chilango, kuti malipiro ndi chithandizo cha kuchipatala zikupitirira, tsiku limene mudzaunikenso nkhaniyo, ndi munthu amene woimitsidwayo angamuimbire. Wofufuza asakhale bwana yemweyo amene anakangana naye. Ndipo munthu akapezeka wosalakwa, muuzeni polemba, muchotse kalata ija m'fayilo yake, ndipo tsiku lobwerera mumulandire nokha anzake akuona.

Kalata yomaliza yachokera ku Zingwangwa. "Amuna anga anawaimitsa ntchito, koma m'mawa uliwonse amavala tayi n'kutuluka kuti aneba asadziwe. Nditani?" Mayi, musawaseke, manyazi amapweteka. Koma auzeni kuti ndalama ya minibasi imeneyo aisunge, adzakwerere tsiku lopita kuleba. Ndipo afunseni ngati anapatsidwa kalata. Ngati sanapatsidwe, tayi wamawa avalire kukaipempha.