Pawabanki ija musagule kaye, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji ku Chamama kumeneko? Uthenga wanu wofunsa za pawabanki yotchajira laputopu ndaumva. Pawabanki munaiona pa boma pa Kasungu ija musagule kaye, muyambe mwandimvetsera.

Tengani chaja ya laputopu yanu, kabokosi kakuda kaja, mukatembenuze. Fufuzani pamene alemba kuti Output. Pa chithunzi munanditumizira chija ndaona 20V 3.25A. Mukachulukitsa 20 ndi 3.25 mupeza mawati 65. Imeneyo ndiyo mphamvu imene laputopu yanu imafuna.

Ndiye malemba aakulu aja a 20000mAh pa pawabankiyo asakukopeni. Nambala imeneyo ikungonena kukula kwa thanki, sikunena kukula kwa mpopi ayi. Mapawabanki ambiri a foni amatulutsa 5V 2A, mawati 10 okha basi. Mukalumikiza, laputopu imangokhala duu, ngati simunaiike kalikonse. Inu muyang'ane kuseri kwa pawabankiyo, pamzere wa USB-C. Pakhale malemba akuti PD, komanso 20V. Ngati manambala akuthera pa 9V kapena 12V, isiyeni, ndi ya foni imeneyo. Ya 65W ndiye yokuyenerani. Ya 45W imatha kutchaja, koma pang'onopang'ono, ndipo mukamagwiritsa ntchito kwambiri batire imatha kumatsikabe.

Mwayi wanu ndi woti laputopu yanu imatchajira pa USB-C. Ikanakhala ya kabowo kozungulira kaja, bwenzi tikukamba zina. Chingwe nachonso chikhale USB-C mbali zonse ziwiri. Chingwe wamba chimalekezera pa mawati 60, chomwe sichoipa, koma mukapeza cholembedwa 5A kapena 100W, tengani chimenecho. Ndipo musayembekezere zambiri: ya 20000mAh imasunga mphamvu pafupifupi 74Wh, ina imatayika ngati kutentha, ndiye idzakudzazirani laputopu kamodzi basi.

Kunena zoona, poti muli kale ndi batire ya sola ya mavoti 12, ine ndikanasankha inveta. Ya mawati 150 ikukwanirani. Ilumikizeni pa batire penipeni, waya wofiira ku +, wakuda ku −, osasinthanitsa, mungaipsereze. Mawaya akhale onenepa ndi aafupi, chifukwa chaja yanuyo imakoka pafupifupi maampu 6 kuchokera ku batire. Yatsani inveta kaye, kenako mulowetse chaja.

Inveta ikayamba kulira kuti tii tii, sikuti yafa. Ikukuuzani kuti mavoti atsika: mwina batire yatha, mwina mawaya ndi owonda kapena agwedera pogwirira. Ikalira masana dzuwa lili phwee, yambani mwakhudza mawayawo. Ngati akutentha, vuto lili pamenepo. Mukamaliza muziizimitsa, imadya moto ngakhale palibe chimene mwalumikiza. Ndipo alamu muwauze asayerekeze kuikapo ayironi, imeneyo imafuna mawati 1000 kapena kuposa.

Mukafikanso pa shopu paja, mujambule kuseri kwa pawabankiyo munditumizire musanapereke ndalama.