Nsomba zouma sizitsutsana ndi nsomba zonyowa

Eee, mwaswera bwanji ana anga a Sitandade 8, ndi inu makolo amene mukuwabwereka foni kuti amvere. Ndajambula mawuwa madzulo ano chifukwa masana, ndi kutentha kwa kuno ku Ngabu, m'kalasi muja theka la inu munali kuwodzera. Ndiye ndibwereza za mafunso aja a mawu ofanana m'matanthauzo ndi mawu otsutsana m'matanthauzo. Tengani kope ndi cholembera. Ndikudikirani... ayi, imitsani kaye foniyo, mukatenge.

Funso limabwera chonchi. Akupatsani chiganizo, mawu amodzi awatseka mzere kunsi, kenako mayankho anayi, A, B, C, D. Ambirinu diso limathamangira pa mawu otsekedwa mzerewo, kuchoka apo ulendo ku mayankho, chiganizo chonse osachiwerenga. Pamenepo ndi pamene mumagwera. Mawu akakhala paokha amatha kukhala ndi matanthauzo atatu, anayi. Chiganizo ndicho chimakuuzani kuti lero avala tanthauzo liti.

Lembani ichi. "Amayi agula nsomba zouma pamsika wa Bangula." Mutseke mzere kunsi kwa zouma. Tikufuna mawu otsutsana nawo. A, zonyowa. B, zofewa. C, zaziwisi. D, zowola.

Funso lofanana ndi limeneli ine linandigwetsa ndili mwana wasukulu, n'chifukwa chake ndimalikonda. Ndinaona kuuma, mutu unati kunyowa, ndinasankha A, n'kupitirira ndili wosangalala. Pepala pobwera, cholakwa. Ndinakatsutsa ndithu kwa aphunzitsi, ndinati kodi chouma sichitsutsana ndi chonyowa? Iwo anangondifunsa kuti, iwe, amayi ako akakutuma kumsika amati ukagule nsomba zonyowa? Ndinasowa chonena. Kwathu nsomba timazidziwa, mlamba wa m'Shire uja ukangovuulidwa kumene timati wauwisi, ukawambidwa pamoto n'kuuma timati wouma. Palibe munthu amati mlamba wonyowa. Ndiye yankho ndi C, zaziwisi.

Tsono taonani, mayankho atatuwo, A, B ndi C, onse amatsutsana ndi kuuma, koma pamalo osiyana. Mukachapa yunifolomu n'kuyanika, imakhala youma kapena yonyowa. Buledi wogonetsa timati wauma, wa lero ndi wofewa. Nsomba, nyama, ndiwo zamasamba, izo ndi zouma kapena zaziwisi. Wolemba funso amadziwa zimenezi, ndipo amaika dala onse atatu. D uja, zowola, ndi wongodzazira, ameneyo mumuchotse msanga. Ntchito yeniyeni ili pa atatu otsalawo.

Ndiye mumatani? Choyamba... ayi, ndiyambe ndi ichi. Musanayang'ane mayankho, aphimbeni ndi dzanja. Werengani chiganizo, mufunse kuti chouma apa n'chiyani? Nsomba. Mawu amene ali pafupi ndi otsekedwa mzere aja, dzina limene akulikambalo, ndiwo mfungulo. Mwapeza kuti ndi nsomba, dziyankheni nokha mumtima, kenako chotsani dzanja muone ngati yankho lanu lilipo. Mukatero mulowetse yankho lililonse m'chiganizo, limodzilimodzi, muwerenge chamumtima. Amayi agula nsomba zonyowa. Khutu likana. Amayi agula nsomba zofewa. Chichewa chake n'chomveka, inde, koma kodi ndi zimene zimasiyanitsa nsomba pamsika? Ayi. Amayi agula nsomba zaziwisi. Apo zakhala.

Ndikudziwa wina akuti, aphunzitsi, ndiye tingoloweza kuti nkhuni, nsomba, zonsezo ndi zaziwisi. Ayi, ayi, musaloweze. Mvetserani ziganizo ziwiri izi. "Anadula mtengo dzulo, koma ife tikufuna nkhuni zouma." Apa zotsutsana nazo ndi zaziwisi, chifukwa nkhani ndi ya mtengo wongodulidwa kumene. Tsono china. "Mvula itagwa usiku, nkhuni zouma zinatsala za m'khitchini zokha." Nkhuni zomwezo, mawu omwewo, koma apa pali mvula. Zotsutsana nazo ndi zonyowa. Mwaona? Dzina lokha nthawi zina silikwanira, muwerenge mpaka pa mpumiro. Ndibwerezenso, mpaka pa mpumiro, chifukwa mawu okuthandizani amatha kukhala koyambirira kapena kumapeto kwenikweni.

Chaka china ndinali ndi mnyamata, dzina sinditchula, wanzeru kwabasi, masamu ankakhoza onse. Anali ndi kope lonse la mawu awiriawiri oloweza, kulemera kusauka, kutalika kufupika, choncho. Ndinamuuza kangapo kuti mwana wanga, kopelo lili bwino koma uziwerenga chiganizo. Sanamve. Pa mayeso oyeserera ndinaika chiganizo chakuti "Thumba la thonje ili ndi lolemera", otsutsana nawo. Anasankha losauka. Thumba losauka! Yankho linali lopepuka, ndipo ankalidziwa, kungoti dzanja linathamanga kuposa maso. Zinandiwawa chifukwa malikisi otere ndi amene amasiyanitsa ana pa masankho a ku sekondale.

Chabwino, ofanana tsopano. Njira ndi yomweyo, koma apa mukalowetsa yankho, tanthauzo la chiganizo lisasinthe ngakhale pang'ono. "Mwana waswa mtsuko pochokera kumjigo." A, wathyola. B, waphwanya. C, wang'amba. D, waboola. Onsewa ndi kuwononga chinthu. Koma timathyola ndodo, nzimbe, chinthu chachitali. Timang'amba nsalu kapena pepala. Zitsala ziwiri, kuboola ndi kuphwanya, ndipo zonse zimachitika pa mtsuko. Apa ndi pamene muyenera kudekha. Mtsuko wobooka ukadali mtsuko, wangodontha, mutha kuumata. Wosweka uli zidutswazidutswa pansi. Wofanana ndi waswa ndi waphwanya, B. Mukatsala ndi awiri, yerekezani chinthucho m'maso mwanu, muone kuti chatsala chotani ntchitoyo itachitika.

O, ndisanaiwale, ichi n'chathu cha kuno kuchigwa. Ambirife kunyumba timayankhula Chisena, ena Chimang'anja, ndipo khutu limene ndikuti muzilidalira lija linakulira m'zinenero zimenezo. Pa Chisena kulonga ndi kuyankhula. Pa Chichewa cha pamayeso kulonga ndi kuika zinthu m'thumba, m'dengu, kulongedza. Ndiye mukapeza "Atate alonga katundu m'ngolo", pa mayankho pali anena, pali alongedza, mtima ukukokerani kwa anena chifukwa ndi zimene munamva m'mawa kunyumba. Bwererani ku chiganizo. Munthu anganene katundu m'ngolo? Chiganizo chomwecho chikupulumutsani. Chisena chathu si cholakwika, ayi, kungoti pepalalo ndi la Chichewa.

China, ndipo ichi chimachitika chaka ndi chaka. Mwayankha mafunso a ofanana, malangizo asintha, tsopano akufuna otsutsana, inu simunaone. Ndipo pa mayankho a funso la otsutsana kawirikawiri pamakhala limodzi lofanana ndi mawu otsekedwa mzerewo, likukudikirani. Mukafika pa malangizo, ikani chala pa mawu akuti ofanana kapena otsutsana, muwawerenge kawiri musanapite pa funso.

Ntchito ya mawa ndi iyi. Mutenge mawu akuti kupsa. Mango apsa, nsima yapsa, nyumba yapsa, bambo apsa mtima. Pa chiganizo chilichonse mundilembere mawu ofanana nawo, ndipo pamene zikutheka, otsutsana nawo. Pa nyumba paja muganize bwino, musangolemba yaiwisi chifukwa mwaimva lero. Inu a tsidya lija amene mumachedwa ndi bwato, mubweretse kope nthawi yopuma, ndidzakhala pansi pa mtengo wa nimu uja kuseri kwa ofesi.