Mawu aang'onoang'ono mu indekisi: tiwachotse kapena tiwasiye?

Zikomo kwambiri a wapampando, amayi ndi abambo, komanso achinyamata amene mukuthandiza kusamutsa makadi a laibulale ndi timapepala ta zaulimi ndi zaumoyo kuti zilowe mu kompyuta. Funso limene ndapatsidwa ndi lakuti, pokonza makina ofufuzira zolembedwa, kodi ndi bwino kutaya timawu monga ndi, wa, ya, za, a, ku, pa, mu ndi kuti, popeza timapezeka paliponse ndipo sitioneka ngati tikunena kanthu? Akatswiri amatitcha timawu timeneti masitopuwedi, ndipo m'mapulogalamu mudzaona palembedwa `stopwords`. Maganizo anga ndi akuti pa zolembedwa zochuluka ngati zanuzi, kutaya timawuti mu indekisi kumawononga zambiri kuposa zimene kumapulumutsa, ndipo ndiyesa kusonyeza chifukwa chake.

Mukalemba mawu m'kabokosi kofufuzira, kompyuta siwerenga mapepala onse kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Imayang'ana mu indekisi, yomwe ikufanana ndi masamba akumapeto kwa buku la sukulu, pamene pamalembedwa liwu lililonse ndi masamba amene likupezekamo. Pansi pa liwu lakuti chimanga pali manambala a mapepala onse otchula chimanga, ndipo makina ambiri amasunganso malo enieni amene liwulo laima, kaya ndi lachitatu kapena lachikhumi m'pepalamo. Tsono taganizirani kutalika kwa mzere wa liwu lakuti ndi, limene timaligwiritsa ntchito polumikiza zinthu, potchula mnzathu amene tili naye, komanso ponena chimene chinthu chili. Pafupifupi pepala lililonse la Chichewa lili nalo, ndipo lili nalo kambirimbiri.

Anthu amene anayamba kutaya mawu oterewa sanali osaganiza. Hans Peter Luhn, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ankapanga maindekisi a mitu ya zolembedwa pa makina amene malo awo osungira anali ochepa kwambiri, ndipo zinali zanzeru kukhala ndi mndandanda wa mawu oti asalowe. M'Chingerezi, liwu limodzi lokha lakuti `the` limatenga pafupifupi mawu 7 pa mawu 100 alionse, ndipo mawu 30 ofala kwambiri amatenga pafupifupi mawu 30 pa 100 alionse. Munthu akawataya, gawo la indekisi losunga malo a mawu limachepa ndithu, ndipo kufufuza kumafulumira chifukwa makina sayendanso m'mizere italiitali ija. Phindu limeneli ndi lenileni, koma ndi phindu la malo ndi liwiro, osati la ubwino wa mayankho.

Panali chifukwa chinanso, choti mawu ofala amasokoneza kasanjidwe ka mayankho, chifukwa pepala lalitali lokhala ndi `ndi` wambiri likhoza kukwera pamwamba popanda kuyankha funso. Vuto limeneli linapeza mankhwala ena osafuna kutaya kanthu. Mu 1972 Karen Spärck Jones, wa ku Cambridge, anasonyeza kuti liwu liyenera kupatsidwa kulemera molingana ndi kusowa kwake: likamapezeka m'mapepala ambiri, lipepuke, likamapezeka m'mapepala ochepa, lilemere. Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekezera. Tinene kuti muli ndi mapepala 10,000, ndipo kulemera kwa liwu tikukupeza motere, pamene N ndi mapepala onse ndipo df ndi mapepala amene muli liwulo:

```
idf = log10(N / df)
```

Ngati anankafumbwe atchulidwa m'mapepala 100, tikugawa 10,000 ndi 100, tikupeza 100, ndipo popeza log10 ya 100 ndi 2, kulemera kwake ndi 2. Ngati chimanga chili m'mapepala 1,000, kulemera kwake ndi 1. Ngati liwu lakuti ndi lili m'mapepala 9,900, kulemera kwake ndi pafupifupi 0.004. Mlimi akalemba kuti anankafumbwe ndi chimanga, liwu lapakatilo lili m'funsomo ndithu, koma mphamvu yake ndi yochepa pafupifupi maulendo 500 poyerekeza ndi ya anankafumbwe, moti silingasinthe pepala limene likhale pamwamba. Njira yotchedwa BM25, imene Lucene, pulogalamu yofufuzira zolembedwa, inayamba kugwiritsa ntchito ngati yokhazikika mu 2016, imatsata ganizo lomweli, ndipo imaletsanso kuti liwu lobwerezedwa kambiri lizingowonjezera mapointi mosalekeza. Choncho ntchito imene mndandanda wa mawu otayidwa unkagwira pa kasanjidwe, masamu amaigwira okha, ndipo amaigwira poona mapepala anu enieniwo m'malo motengera mndandanda wolembedwa ndi munthu amene sanawaonepo.

Zimene zimatayika ndinazionera pa ntchito yanga yomwe. Nthawi ina ndinathandiza kukonza kabokosi kofufuzira timapepala ta zaumoyo, ndipo ndinasankha makonzedwe a Chingerezi chifukwa timapepala tina tinali m'Chingerezi. Patapita masabata angapo, mayi wina wothandiza kusikelo ya ana anabwera ndi foni m'manja, nandionetsa kuti akalemba vitamini A, pamwamba pakubwera pepala la vitamini C, ndipo limene ankalifuna, lonena za timakapisozi timene ana amalandira, lili pansi penipeni. Chimene chinachitika n'chakuti makina amayamba asandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, ndiye A anasanduka `a`, ndipo `a` ali pa mndandanda wa Chingerezi wa mawu 33 amene Lucene imataya. Funso la mayiyo linafika ku indekisi lili liwu limodzi lokha, vitamini. Chilembo chimodzi chimene chinanyamula tanthauzo lonse ndi chimene chinatayidwa, ndipo cholakwacho chinali changa, chifukwa sindinayese funso ngati limenelo. Amene mukugwiritsa ntchito Elasticsearch mukhoza kudzionera nokha:

```
GET _analyze
{ "analyzer": "english", "text": "vitamini A" }
```

Mudzalandira liwu limodzi m'malo mwa awiri, pomwe mukalemba `standard` m'malo mwa `english`, onse awiri abwera, chifukwa makonzedwe a `standard` sataya liwu lililonse pokhapokha mutawauza.

M'chilankhulo chathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pamenepa, chifukwa timawu tolumikizira ndi timene timanena ubale wa zinthu. Mankhwala a ana ndi pepala lofotokoza mlingo woyenera mwana, pomwe mankhwala ndi ana likhoza kukhala pepala lochenjeza makolo kuti asunge mabotolo patali. Mukataya `a` ndi `ndi`, makina a Lucene amasiya mpata pamalo pamene panali liwulo, kotero mitu iwiri yonseyi imaoneka chimodzimodzi: mankhwala, mpata, ana. Ngakhale munthu ataika funso lake m'zizindikiro zogwira mawu, kusonyeza kuti akufuna mawuwo monga momwe alili, makina sangathenso kusiyanitsa, popeza chimene akanasiyanitsira sichinalowe mu indekisi.

Mawu okana ndiwo oopsa kwambiri. Mndandanda wa Chingerezi uja uli ndi `no` ndi `not`, ndipo munthu womasulira mndandandawo m'Chichewa akhoza kuikapo si ndi osati mosaganizira. Mutu wakuti khunyu si ufiti ukanasanduka khunyu ndi ufiti pamaso pa makina, ngati `si` ndi `ndi` onse atayidwa. Koma pano ndinene mosabisa kuti kusunga si sikuphunzitsa makina tanthauzo la kukana. Pa kufufuza wamba, kumene mawu amawerengedwa payekhapayekha, pepala lokana ndi pepala lovomera onse abwerabe. Kusungako kumangopatsa wofufuza mwayi woti afunse ndendende mawu amene akufuna, ndipo mwayi umenewo palibe amene angaubweze ukachotsedwa. Mwamwayi, kukana kwathu kwambiri kumakhala m'kati mwa mneni, monga sanapite kapena osamwa, ndiye mndandanda sukukhudza.

Pali msampha wina wofanana nawo kwa amene deta yanu ili mu MySQL. M'matebulo akale a MyISAM, `ft_min_word_len` imakhala pa 4, kutanthauza kuti liwu lililonse la zilembo zitatu kapena kucheperapo sililowa mu indekisi. Kwa ife ndiye kuti ana ndi ufa zonse zasowa, ngakhale palibe amene anazilemba pa mndandanda uliwonse. Mu InnoDB malire amakhala pa 3, ndiye ana ndi ufa zimalowa.

Kodi mungadziwe bwanji kuti vuto lanu likuchokera kumeneku? Chizindikiro choyamba ndi chimene mayi uja anaona, mafunso awiri osiyana pa kaliwu kamodzi akubweretsa mayankho ofanana ndendende. Chachiwiri ndi kulandira yankho lopanda kanthu pa mutu umene mukuuona ndi maso anu pa shelefu. Izi zimachitika funso lonse likakhala la mawu otayidwa okhaokha, kapena mawu akatayidwa pomanga indekisi koma osatayidwa pa funso, makina n'kumafunafuna `wa` amene sanasungidwe, kenako n'kunena kuti palibe pepala lokhala ndi mawu onse.

Sindikunena kuti mndandanda ulibe ntchito konse. Mukafuna kuona mawu amene akutchulidwa kwambiri m'makalata a alimi chaka chino, tayani `ndi` ndi `kuti`, apo ayi adzadzaza pamwamba ponse. Ndipo amene ali ndi mapepala mamiliyoni ambiri amavutikadi ndi liwiro pofufuza mawu otsatizana okhala ndi timawu tofala. Koma ngakhale iwo ali ndi njira yapakati, yotchedwa `common_grams`, imene imamata kaliwu kofala ku liwu loyandikana nalo, kuti mu ufa wa chimanga mutuluke `ufa_wa` ndi `wa_chimanga`, amene mizere yawo ndi yaifupi. Indekisi imakula, koma funso limafulumira ndipo tanthauzo limakhalapo. Ndi mapepala 10,000, ngakhale laputopu yakale singamve kulemera kwa timawuti.

Musanasankhe, lembani mafunso 30 kapena 40 amene anthu amafunsadi pa tebulo lanu, ndipo pambali pa lililonse mulembe pepala limene woyang'anira laibulale akanapereka ndi dzanja. Muikemo dala mafunso monga vitamini A, mankhwala a ana, ndi mitu yokhala ndi si. Mangani maindekisi awiri, ina yotaya ndi ina yosunga, ndipo muwerenge kuti pa iliyonse ndi mafunso angati amene pepala loyenera lafika m'mayankho asanu oyamba. Ngati pali chifukwa chotayira, tayani pa funso lokha, indekisi ikhale yathunthu, chifukwa kusintha kwa pa funso mukhoza kukubweza tsiku lomwelo, pomwe liwu limene silinalowe mu indekisi limafuna kuti mapepala onse awerengedwenso kuyambira pachiyambi. Achinyamata amene mwabwera ndi malaputopu, tikamaliza tiyi tiyambe ndi mafunso a kusikelo, popeza mayi amene akhala kutsogolo kunowa abwera ndi kope lawo.