Phunziro la anamwino lokwana mu 10 MB

[Wofotokoza ali pakhonde la chipatala chaching'ono ku Nkhotakota]

Moni nonse. Ngati mukukonzera maphunziro a CPD anamwino a kutali ndi boma, kumadera ngati Dwambazi kapena Benga, musathamangire kamera. Yambani mwagwirizana kuti phunziro lonse lidye bandulo yochuluka bwanji. Ine ndimaika malire pa 10 MB.

Titenge phunziro lothandiza khanda lomwe labadwa koma silikupuma. Namwino ayenera kukhala atayamba kulipumitsa ndi ambubagi mphindi yoyamba isanathe. Funso ndi lakuti, pa zonsezi n'chiyani chofunika kuchiona ndi maso? N'zochepa: kaikidwe ka mutu wa khanda, kagwiridwe ka masiki kuti mpweya usathawire m'mbali, ndi chifuwa chikamakwera. Zimenezo zokha ndiye za vidiyo, mphindi ziwiri basi. Zofotokoza zinazo zijambulidwe ngati mawu okha. Mawu a mphindi zisanu pa 24 kbps safika n'komwe 1 MB, ndipo namwino atha kumamvera akuchapa kunyumba.

[Pa sikirini]

```
ffmpeg -i phunziro.mp4 -vf scale=-2:360 -b:v 300k -ac 1 -b:a 32k chepa.mp4
```

Mukaichepetsa ndi pulogalamu ya ffmpeg motere, vidiyo ya mphindi ziwiri ija itsika kufika pafupifupi 5 MB. Koma apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Vidiyo ikachepetsedwa chonchi, tinthu ting'onoting'ono timafufutika. Ngati munajambula muli patali, kapena foni ikugwedera m'manja, chifuwa cha chidole chophunzirirapo sichioneka kuti chikukwera, ndiye kuti phunziro lonse lapita padera. Yandikirani pafupi, foni muitsamiritse pa chinthu chosasuntha, kumbuyo kukhale khoma lopanda zokongoletsa. Mukatha, ionereni pa kafoni kotchipa kwambiri komwe mungakapeze, osati pa laputopu yanu. Chifuwa chikapanda kuoneka pamenepo, jambulaninso.

Kutumiza kwake n'kosavuta. Pa WhatsApp itumizeni ngati Document kuti isafinyidwenso. Mmodzi akaikopera pomwe netiweki ikugwira, anzake awapatse pa Bluetooth. Mafunso ochepa alembedwe ngati uthenga wamba.

[Anamwino awiri, chidole chili patebulo]

Foni siiphunzitsa manja. N'chifukwa chake sabata iliyonse anamwino aziyeserera awiriawiri pa chidole, wina akupopa, mnzake akuwerenga nthawi ndi kuyang'ana chifuwa. Chikapanda kukwera, wopopayo akonzenso masiki ndi kaikidwe ka mutu. Kaphunziro kotere kachitikire pachipatala pomwepo, pakuti pomwe pali anamwino awiri okha simungachotsepo mmodzi kupita ku semina odwala osavutika.

Woyang'anira chipatala asaine pokhapokha ataona yekha munthu akupumitsa chidolecho bwino. Ndipo musanalonjeze aliyense mapointi, kafunseni kaye kwa oyang'anira CPD m'boma lanu ngati phunzirolo likukwaniritsa zomwe bungwe la anamwino ndi azamba limafuna.