Makalata a Omvera: Tchuthi choperekeza amayi ku chipatala ku Lilongwe

Kalata yathu yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, konkuno ku Zomba. Akuti: "Amayi anga awapatsa tsiku la opaleshoni ya chiuno ku Lilongwe, Lachiwiri loyamba mwezi wamawa, ndipo gadiyani ndine. Ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo chaka chino ndatenga kale masiku 6 a tchuthi. Anzanga akuti ndingopeza chikalata cha dokotala chonena kuti wodwala ndine. Nditani?"

Mayi, za anzanuzo zisiyeni. Tchuthi cha matenda chimene chili m'lamulo la zantchito la 2000 n'cha inu mwini mukadwala, ndipo bodza lotere likaululika mutha kuchotsedwa ntchito. Lamulolo silikakamiza bwana kupereka tchuthi chodwazika kholo. Malo ena amapereka masiku angapo mwachifundo, choncho yambani mwawerenga mgwirizano wanu wa ntchito.

Chimene sangakulandeni ndi tchuthi cha pachaka. Wogwira masiku 5 pa sabata amakhala ndi masiku 15, ndiye inu mwatsala ndi 9. Loweruka ndi Lamulungu sawerengera, kotero mukayamba Lolemba, mudzafika nawo Lachinayi la sabata yachiwiri. Munyamuke Lamulungu, chifukwa odwala kawirikawiri amawagoneka tsiku la opaleshoni lisanafike kuti awapime magazi.

Koma tamverani apa. Tsiku la opaleshoni limasuntha. Bipi ya amayi ikakwera, magazi akachepa, kapena kukabwera anthu a ngozi, amakuuzani kuti mudikire sabata ina, masiku anu n'kumatha muli chikhalire pa benchi. Ndiye m'kalata yanu yopempha tchuthi kwa abwana musangotchula masiku 9 aja. Onjezani kuti tsiku likasintha mudzaimba foni tsiku lomwelo, ndipo pemphani tsopano lino kuti masiku opitirira adzakhale tchuthi chosalandira malipiro. Zovuta kupempha zimenezi pafoni muli kale ku wodi.

Kalatayo ilembeni sabata ino, muphatikizepo fotokope ya tsamba limene adokotala alembapo tsikulo. Buku lonse la kuchipatala la amayi musalipereke, matenda awo si nkhani ya mu ofesi. Tchulaninso amene agwirizire ntchito yanu, poti mabwana ambiri chimawakanitsa n'chimenecho. Akavomera, asayine, kope ina musunge. "Pitani, tidzaona" wa pakamwa amaiwalika pa tsiku la malipiro.

Bambo wina wa ku Matawale naye akufunsa mwachidule: "Ine ndimagwira mpaka Loweruka, masiku anga ndi angati?"

Anu ndi 18, bambo, koma Loweruka lililonse limene mwakhala ku chipatala likuchotsedwa pa masikuwo. Bwana akakana kukupatsani tchuthi chanu cha pachaka, kafotokozeni ku ofesi ya zantchito ya boma kuno ku Zomba, mutatenga kalata imene munalemba popempha tchuthicho.