Makalata a Omvera: Shuga wotsala m'golosale timuwerengere pa mtengo uti?

"Akulu a pawailesi, ndine mayi wa ku Ndirande, ndili ndi kagolosale pafupi ndi msika. Mwezi watha ndinayamba ndi mabelo 20 a shuga amene ndinaoda pa K40,000 limodzi. Pakati pa mwezi ndinakapikula ena 15 ku Limbe pa K44,000, ndipo chakumapeto ndinangokwanitsa 5 chifukwa anali atafika pa K52,000. Ndagulitsa mabelo 28 n'kupeza K1,400,000, atsala 12. Mwana wanga wa ku koleji akuti otsalawo ndi a K568,000, pomwe bambo a kunyumba akuti ndi a K516,000. Akulakwitsa ndani? Ine ndikungofuna kudziwa phindu langa."

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Pakhomo panu pasakhale mkangano, palibe amene walakwitsa. Awiriwa adzera njira ziwiri zosiyana, ndipo zonse ndi zovomerezeka kwa akatswiri owerengera chuma. Tengani cholembera tiyende limodzi, nanunso omvera amene muli ndi maokala ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa.

Ndalama zonse zimene munalowetsa mu shugayu ndi K1,720,000. Mabelo oyamba aja anadya K800,000, apakati K660,000, omaliza K260,000. Pa nambala imeneyi bambo ndi mwana sakutsutsana. Asiyana pa kagawidwe kake: ndi zingati zimene zinapita ndi shuga wogulitsidwa, nanga ndi zingati zimene zagona mu shuga wotsala?

Mwana wanu watsata njira imene m'mabuku ake amailemba kuti FIFO. Tanthauzo lake ndi lakuti katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka. Ndiye iye akuti mabelo 28 amene munagulitsa ndi onse 20 oyambirira, kuphatikiza 8 a gulu lapakati. Amene atsala ndi aposachedwa: 5 a K52,000, amene ndi K260,000, ndi 7 a K44,000, amene ndi K308,000. Mukaphatikiza mupeza K568,000 ija. Mukaichotsa pa K1,720,000, shuga amene munagulitsa anakudyerani K1,152,000, choncho phindu lanu ndi K248,000, tisanachotse lendi, magetsi ndi zina.

Bambo ayendera njira ya avereji. Iwo sanasamale kuti belo ili linabwera liti. Atenga K1,720,000 n'kugawa ndi mabelo onse 40, ndipo lililonse latuluka K43,000. Otsala 12 pa mtengo umenewu ndi K516,000, ogulitsidwa 28 ndi K1,204,000, phindu K196,000.

Pano bambo ndiwayamikire, chifukwa adumpha dzenje limene ambiri amagweramo. Ambiri amangophatikiza mitengo itatu ija n'kugawa ndi 3, n'kupeza pafupifupi K45,333. Apo ndiye kulakwitsa kwenikweni, chifukwa mabelo 5 okha sangalemere mofanana ndi mabelo 20. Avereji yoona imagawa ndalama zonse ndi chiwerengero cha katundu yense. Njira yodzitsimikizira ndi yapafupi: chulukitsani avereji yanu ndi mabelo onse. Ikapanda kubwerera pa ndalama zimene munalipira, mwasochera penapake.

Tsono phindu la mwana likuposa la bambo ndi K52,000, ndalama yogulira belo lathunthu. Koma mayi, tsegulani kabati yanu ya ndalama muwerenge. Muli K1,400,000, kaya mwamvera mwana kaya mwamvera bambo. Pitani kuseri muwerenge mabelo. Alipo 12. K52,000 yowonjezerayo simungaigwire m'manja, ili papepala, yabisala mu mtengo umene mwaupatsa shuga wosagulitsidwa. Mitengo ikamakwera, njira ya mwana wanu nthawi zonse imaonetsa phindu lokulirapo chifukwa imafanizira malonda a lero ndi mitengo yotsika yakale. Mitengo ikamatsika, zimatembenuka. Ndipo tsiku limene mudzagulitse belo lomaliza, njira ziwirizi zidzakumana pa nambala imodzi. Phindu lowonjezera limene FIFO yakupatsani mwezi uno idzakulandani mwezi wa mawa, popeza sitoko yotsekera mwezi uno ndiyo yotsegulira mwezi winawo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si kusiyana kwa awiriwa ayi. Kuti mubwezeretse mabelo 28 amene atuluka, pa mtengo wa lero wa K52,000, mukufunika K1,456,000. M'kabati muli K1,400,000. Mwaperewera K56,000 musanatapepo ngakhale ya ndiwo. Mabuku akuti mwapindula, ndipo sakunama, koma mpamba wanu ukayezedwa ndi mabelo ukuchepa. Ambiri a ife tinazionera pafupi mu Novembala 2023, pamene Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Ogulitsa amene anapitiriza ndi mitengo yakale anamaliza katundu mwachangu n'kusangalala, koma atafika kooda anabwerako ndi makatoni ochepa kuposa amene anagulitsa. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mtengo wa paketi musamauike poyang'ana nambala ya bambo kapena ya mwana. Muziuika poyang'ana mtengo umene mukaodere ulendo wotsatira.

Ena akumva izi anena kuti bwanji osangowerengera shuga wogulitsidwa pa mtengo waposachedwa, womaliza kulowa n'kukhala woyamba kutuluka. Njira imeneyo ilipo, amaitcha LIFO, koma malamulo a kalembedwe ka mabuku a chuma amene akatswiri a kuno amatsata, makamaka lija lotchedwa IAS 2, anaichotsa. Zololedwa pa katundu wofanana ngati shuga ndi ziwiri zomwe zili pakhomo panuzi.

Nanga inu musankhe iti? Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya bambo. Mabelo a shuga ndi ofanana, palibe cholembedwa pa paketi chosonyeza kuti munaigula zingati. Mitengo ikudumphadumpha, ndipo avereji imaisalaza kuti phindu la mwezi uno ndi la mwezi wa mawa lisamaoneke ngati la magolosale awiri osiyana. Komanso mabanja ambiri amadya kuchokera pa nambala imene yalembedwa kuti phindu. Ikakhala yofufuma, dzanja limatapa kwambiri, mpamba n'kumatha mwini wake osazindikira. Njira ya mwana wanu ili ndi pake. Imaonetsa katundu wotsala pa mtengo woyandikira wa lero, zimene zimathandiza mukamakambirana ndi a banki kapena munthu wofuna kulowa nanu bizinesi. Koma imafuna malisiti onse okhala ndi madeti, osungidwa motsatana. Lisiti limodzi likanyowa m'thumba la chitenje, mndandanda wonse wasokonekera.

Chinthu chimodzi musasakanize. Kusankha avereji m'kope sikutanthauza kuti pashelefu muziika katundu mwachisawawa. Shuga wakale, mkaka wa ufa, majarini, zonse zakale zizikhala kutsogolo n'kutuluka msanga, zatsopano kumbuyo. Mungathe kugulitsa zakale poyamba n'kumawerengera pa avereji, palibe chotsutsana.

Ndipo m'kalata yanu sindinaonemo ndalama ya mayendedwe. Galimoto yochokera ku Limbe, anyamata okweza ndi otsitsa, zonsezo ndi mbali ya mtengo wa katundu. Ngati ulendo wa mabelo 15 uja unakudyerani K15,000, belo lililonse linafika m'golosale pa K45,000, osati K44,000. Muuzeni mwana wanu abwereze masamu ake ataikamo zimenezi, bambo nawonso chimodzimodzi.

Kalata yachiwiri yachokera ku Chirimba.

"Ine ndine bambo wogulitsa nyemba ndi mpunga pa sikelo. Thumba latsopano likabwera ndimangokhuthulira pamodzi ndi zotsala. Chaka chino ndayamba kulemba mabuku chifukwa cha msonkho. Kodi ndingamasinthe njira chaka ndi chaka, n'kumatenga imene ikuonetsa phindu lochepa?"

Bambo, ayi, musatero. Mukasankha njira pa mtundu wina wa katundu, muzikhala nayo chaka ndi chaka. Kusintha kumaloledwa pakakhala chifukwa chomveka, ndipo kumafunika kulembedwa poyera, manambala a chaka cham'mbuyo n'kukonzedwanso kuti afanane ndi njira yatsopano. Kuthawa msonkho si chifukwa chomveka. Wofufuza mabuku amayamba n'kuona ngati sitoko imene munatsekera chaka chatha ndi yomweyo mwatsegulira chaka chino. Zikasiyana, mafunso amachuluka, ndipo amayamba kukayikira ngakhale masamba amene munalemba moona. Pa zimene MRA ikufuna kwa bizinesi ya msinkhu wanu, pitani ku Msonkho House mukafunse, kapena muonane ndi wowerengera chuma wolembetsedwa ku bungwe la akatswiri owerengera chuma la ICAM, musanapereke mapepala.

Kwa inu kusankha sikovuta, chifukwa manja anu anasankha kale. Nyemba zikasakanikirana m'chidebe chimodzi, palibe angaloze kuti iyi ndi ya thumba la sabata yatha. Tengani avereji, ndipo muziikonza nthawi iliyonse thumba likalowa. Tinene kuti mwatsala ndi makilogalamu 30 amene anakudyerani K2,000 pa kilo, ndiye K60,000. Mwagula thumba la makilogalamu 50 pa K120,000. Zonse pamodzi ndi K180,000 pa makilogalamu 80, kilo iliyonse K2,250. Mtengo umenewu ndiwo muziwerengera mpaka thumba lina litabwera.

Koma inu mukudziwa kuposa ine kuti thumba lolembedwa 50 silitulutsa 50. Mukapeta n'kusankha miyala, zinyalala ndi zofumbwa, mwina mutsala ndi 48. Ikani pa sikelo mukamaliza kusankha, ndipo mugawe ndi zimene mungagulitsedi. Apa ndiye K180,000 pa makilogalamu 78, pafupifupi K2,308 pa kilo. K58 imaoneka yochepa, koma ili pa kilo iliyonse imene idutse pa sikelo yanu chaka chonse.

Nyemba zili ndi vuto lina limene shuga wa mayi aja alibe kwenikweni: nyengo yokolola ikafika mtengo umagwa. Lamulo ndi lakuti katundu wotsala amalembedwa pa nambala yocheperapo mwa ziwiri, ndalama zimene munagulira kapena zimene mungapeze mukagulitsa mutachotsa zolipira pogulitsapo. Ngati tsiku lotseka mabuku nyemba zanu za K2,308 zikuyenda pa K1,900 mumsika wa Chirimba, lembani K1,900, ndipo kusiyanako ndi kuluza kwa chaka chimenecho. Anankafumbwe akalowa m'thumba, kapena belo la shuga likanyowa ndi denga lodontha, chitani chimodzimodzi. Lipatuleni pambali, muliwerengere palokha pa mtengo umene lingagulidwe, ndipo mulembe deti ndi chifukwa chake m'kope, kuti wina akadzafunsa mudzakhale ndi choonetsa.